ZA PA MSIKA: Matimati angati pa mulu wa lero?

Mwezi uno nkhani yathu yacokera ku mphakati. Titatha mapemphero tsiku lina Lacitatu, mai wina wamasiye amene amagulitsa ndiwo pa msika wa mu komboni yathu anandiimitsa pa khomo. Nkhope yao inali yakugwa. Anati, "Abambo, ine ndimadzuka 4 koloko mbandakuca kupita ku Soweto, tsiku lonse ndiri pa thebulo, katundu amatha ndithu. Koma mpamba umene anandipatsa anzanga a cilimba ukungocepa. Kodi alipo amene akundibera, kapena ndalodzedwa?"

Ndinawapempha kuti bokosi la matimati limene adzaoda Lolemba lotsatira asayambe kuligulitsa tisanaliwerenge pamodzi. Zimene tinapeza tsiku lija ndizo ndifuna kukuuzani, cifukwa mai ameneyu sali yekha.

Ku msika wa Soweto mu Lusaka mtengo wa bokosi sugona pamodzi. Alimi amabwera ndi katundu usiku, ena kucokera ku Mumbwa, ena ku Mkushi, ena m'minda yozungulira mzinda, ndipo ambiri amapereka mabokosi ao kwa anthu owagulitsira amene amatengapo gawo lao. Magalimoto akafika ambiri, mtengo umagwa dzuwa lisanatuluke. Akafika ocepa, oodawo amalimbirana ndipo mtengo umakwera. M'dzinja, pamene matenda a masamba amaononga minda ndipo miseu ya kumudzi ili matope okhaokha, matimati amasowa kawirikawiri. Ambiri mukumbukiranso caka ca 2016 pamene kambozi koboola matimati kanalowa m'dziko muno, ndipo tinadya ndiwo zoyera. Zonsezi wogulitsa wa pa thebulo sangazisinthe. Cimene ciri m'manja mwace ndi cimodzi: adzaika matimati angati pa mulu.

Ndanena za mulu cifukwa pa msika wa mu komboni mtengo suyenda monga m'sitolo. Wogula amabwera ndi K5 kapena K10 m'dzanja, ndipo amafuna mulu wa ndalama imeneyo. Mukamuuza kuti lero mulu ndi K12, adzapita pa thebulo la mnzanu. Tsono mtengo wa mulu umakhala womwewo, cimene cimasintha ndi ciwerengero ca matimati. Kuonjeza limodzi kapena kucotsa limodzi kumaoneka ngati kanthu kocepa, koma phindu lonse la bokosi liri pomwepo.

Lolemba lija mai aja anaoda bokosi pa K300. Tinaonjezapo zina zimene anataya kuti bokosilo lifike pa thebulo: mnyamata wa wilibala, basi, msonkho wa pa msika ndi timapepala toikamo. Popeza anali atanyamulanso lepu ndi anyezi, tinagawa ndalama zimenezi, ndipo gawo la matimati linakwana K40. Bokosi linawadyera K340, osati K300 monga iwo ankanenera.

Kenaka tinakhuthula bokosi pa thumba ndi kuwerenga. Tinapeza matimati 260. Mwa amenewa 20 anali ophwanyika kale pansi, pakuti bokosi la ku Soweto limakongola pamwamba. Ndinawafunsa kuti ndi angati amene amafewa bokosi lisanathe, iwo nayankha kuti sacepera 20. Ndinafunsanso za mbasela. Anaseka nati, "Mbasela nayonso amawerenga?" Titaganizira ogula ao a masiku onse, tinapeza kuti mbasela imatenga enanso 20. Otsala obweretsa ndalama anali 200 cabe. Mukagawa K340 pa matimati 200, lirilonse lafika pa thebulo pa K1.70.

Mai aja ankawerenga mwa njira ina. Ankatenga K300 ndi kuigawa pa bokosi lonse, napeza kuti lirilonse ndi K1.15 kapena pafupi pamenepo. Motero ankaika asanu ndi limodzi pa mulu wa K10, mtima uli m'malo kuti pa mulu uliwonse akupindula K3. Koma matimati 200 mukawaika asanu ndi limodzi amapanga milu 33, ndiyo K330. Atayima masiku awiri pa dzuwa, anali kubwerera kwao ataluza K10, ndipo madzulo onse awiri anali kutapa m'cikwama ndalama ya ufa ndi makala poganiza kuti akudya phindu. Mfiti imene inali kudya mpamba wao inali imeneyo.

Akanaika asanu pa mulu, milu ikanakhala 40, ndiyo K400, phindu K60. Akanaika anai, milu 50, ndiyo K500, koma pamenepo ogula akanathawira kwa anzao. Njira imene amai ozolowera malonda amatsata ndiyo kusankha. Tinapatula akulu 60 ndi kuwaika atatu pa K10, anapatsa K200. Apakati 100 tinawaika asanu pa K10, anapatsanso K200. Ang'onoang'ono 40 tinawaika anai pa K5, anapatsa K50. Zonse pamodzi K450, phindu K110. Ofewa aja sanatayidwe, anagulidwa mocipa ndi mai wophika nsima kumbuyo kwa msika, ndipo ndalama imeneyo sitinaiwerengere n'komwe. Wofuna matimati okongola a alendo analipira, wosauka wa K5 nayenso anapeza zace.

Tsopano tifike pa mutu weniweni, pamene mtengo wasintha inu muli ndi katundu wa dzulo. Laciwiri m'mawa mnzao amene anapita ku Soweto anabwera ndi mau akuti bokosi lafika pa K380. Mai aja anali ndi theka la bokosi la Lolemba. Anandifunsa ngati si cimo kucepetsa mulu pa matimati amene anawagula mocipa. Funso limeneli ndi la mkhristu weniweni, ndipo ndinalilemekeza. Koma taonani masamu ace. Bokosi lotsatira lidzafuna K380 ndi K40 ya ulendo, ndiyo K420. Akagulitsa zonse pa mtengo wakale adzakhala ndi K450, ndipo akacotsapo K110 ya pa nyumba adzatsala ndi K340. Papelewera K80. Amai ambiri amalowa m'kaloba pa khomo limeneli, ndipo amene analowamo adziwa kuti kutulukamo n'kovuta.

Maganizo anga ndi akuti mpamba wa wogulitsa ndiwo suli ndalama yakutiyakuti, uli bokosi limodzi. Madzulo alionse ayenera kukhala ndi ndalama yokwanira kuoda bokosi la mawa, ndipo cotsala pamwamba pace ndico cace. Kotero mtengo wa ku Soweto ukakwera, mulu wa asanu ukhale wa anai tsiku lomwelo, ngakhale katundu ali wa dzulo. Ine sindionapo cinyengo pamenepo, malinga wogula akuona ndi maso ace cimene akugula.

Cimene cimacititsa kuti lamuloli likhale lolungama ndi cakuti limaluma mbali zonse. Tsiku lina bokosi lidzagwa kufika pa K200 inu mutaoda dzulo pa K300. Anzanu amene aoda lero adzaika asanu ndi awiri pa mulu. Pamenepo musaumirire kuti "ine ndinagula modula". Matimati samva zimenezo, amapitiriza kufewa. Tsatani mtengo watsopano m'mawa momwemo, gulitsani msanga, landirani kuluza kocepako, pakuti bokosi la mawa lidzafunanso ndalama yocepa. Amene adikira kufikira madzulo amataya zonse ziwiri, ogula ndi katundu. Ndipo phindu loonjezera la tsiku lokwera lisadyedwe lonse, cifukwa nchito yace ndiyo kutseka dzenje la tsiku lotsika.

Pali kucenjera kwina kumene ndinaphunzira kwa gogo wina amene wakhala pa msika umenewu zaka zambiri. Mtengo ukafika pamwamba kwambiri, iye saoda bokosi lathunthu. Amagawana limodzi ndi mnzace, cifukwa pa nthawi yotere ogula amagula pang'ono, ndipo mtengo wokwera kwambiri sucedwa kutsika. Asanakwere basi amatumanso lamya kwa munthu wace ku Soweto kufunsa kuti magalimoto afika angati. Akafika kumeneko sagula pa galimoto yoyamba, amazungulira kaye, ndipo amapempha kuona pansi pa bokosi asanalipire.

Ndiwo zina sizifuna mau ambiri. Lepu ndi cibwabwa moyo wace ndi tsiku limodzi. Mtolo wa m'mawa umangidwe molingana ndi mtengo wa oda, ndipo ndalama imene munagulira ikhale itabwera dzuwa lisanapendeke. Anthu akamaweruka ku nchito ca m'ma 17 koloko ndiyo nthawi yotsiriza yogulitsa pa mtengo wabwino. Ikapita imeneyo, phatikizani mitolo iwiri pa mtengo wa umodzi, cifukwa masamba ogona sabweza ngakhale ngwee. Anyezi wouma bwino ndi wosiyana, amadikira milungu, ndipo palibe cifukwa comutsitsira mtengo pongomva kuti lero ku Soweto watsika pang'ono.

Pali malire amene mkhristu sayenera kulumpha. Kucotsa limodzi pa mulu poyera ndi malonda. Kubisa loola pansi pa mulu, kapena kusintha matimati poika m'pepala wogula akuyang'ana kumbali, ndi kuba, ndipo Buku la Miyambo limadzudzula kolimba miyeso yonyenga. Kukwezera mwana mtengo cifukwa watumidwa ndipo sadziwa kutsutsa ndi kuba komweko. Za mbasela sindikuti ithe, pakuti akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo wogula amene mwamuonjezera limodzi lero adzadutsa matebulo asanu mawa kufuna inu. Koma iwerengedwe m'mawa pamodzi ndi zoola, ndipo icokere pa ang'onoang'ono.

Ndinenepo mau amodzi kwa ife ogula, makamaka abambo anzanga amene timatsutsa mtengo wa mulu wa K10 ngati tikugula ng'ombe. Pa mulu wa asanu uja phindu la mai linali K1.50. Mukatolapo nokha limodzi la mbasela, mwatenga K1.70, ndiye kuti mai uja wakulipirani kuti mudye matimati ace.

Mai wa mu mphakati wathu tsopano ali ndi kabuku ka sukulu m'cikwama. M'mawa amalemba zinthu zitatu: ndalama zonse zimene bokosi lawadyera, ciwerengero ca matimati abwino, ndi angati pa mulu. Madzulo amayamba apatula ndalama ya bokosi la mawa ndi kuimanga pa yokha, kenaka n'kuona cotsala. Masiku ena cotsalaco cimakwana ufa ndi makala, masiku ena makala okha. Mlungu wathawu anandiuza kuti tsamba limodzi la kabukuko likuwasowetsa tulo, la anthu amene amatenga ndiwo pa nkhongole kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, ndipo ena mwa iwo timakhala nao pa benci limodzi pa Misa. Imeneyo tidzaikamba mwezi wa mawa.