Wachibale amene sabweza tisiye kumubwereka, tizingomupatsa zomwe tingathe

Anzathu a geni ndi madalaivala kuno ku Gaborone, kumudzi akangomva kuti tili ku Botswana amaona ngati mapula timachita kutola pansi. Foni ikalira timadziwiratu: "Achimwene, tandibwerekaniko, ndibweza ndikagulitsa soya." Soya uja wagulitsidwa kawiri konse, ife tikudikirabe.

Ife tikuti wachibale amene walephera kubweza kawiri tisamubwerekenso. Tizimupatsa ndithu, koma ndalama yochepa imene tasankha tokha, n'kuiwala. Chimadanitsa pachibale ndi mawu oti ngongole. Iye amayamba kutizemba, ife timayamba kuwerenga malata atsopano pa nyumba yake.

Tiyerekeze kuti mpamba wathu ndi 8,000 pula. Tapikula katundu, tadutsa Francistown, mlatho wa Kazungula, Lusaka mpaka Mchinji, ndipo tikachotsa thiransipoti, msonkho ndi chakudya cha panjira tatsala ndi phindu la 1,500. Mlamu akupempha 2,000. Tikatumiza, phindu lonse lapita, ndipo 500 yachoka pa mpamba. Ulendo wotsatira tipikula zochepa, koma mtengo wa thiransipoti sutsika. Tikaona kuti tayamba kutenga katundu pa ngongole pomwe kale tinkalipira kashi, tidziwe kuti achibale afika pa mpamba.

Ngakhale amene amabweza, amabweza makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anabwereketsa mu Okutobala n'kulandira mu Disembala sanapezenso mapula ake onse.

Ndiye pa 1,500 paja tipatule 300 ya kumudzi mwezi usanayambe. Ikatha, yatha. Poyankha tisaname kuti tilibe, chifukwa mawa aona chithunzi chathu tili pa Rail Park Mall. Tinene mwaulemu: "Alamu, vuto lanu ndalimva. 2,000 sindingathe, ndi ya katundu. Ndikutumizirani 300, musabweze." Tisapitirize kufotokoza, chifukwa chifukwa chilichonse chomwe tingapereke achipezera yankho. Akabweranso mwezi womwewo, mawu akhale omwewo.

Amalume kapena apongozi ndi ovutirapo, tikudziwa. Pamenepa chimathandiza ndi kutsekera ndalama komwe ifenso sitingaitenge msanga, monga mu motshelo, gulu losunga ndalama la anzathu a ku Botswana lofanana ndi banki m'khonde, limene nthawi zambiri limagawana kumapeto kwa chaka. Tikati ndalama ili ku gulu, sitikunama.

Matenda ndi maliro ndi nkhani ina, pamenepo tisawerenge 300. Koma fizi tilipire ku sukulu, feteleza tilipire kwa wogulitsa kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, risiti ibwere pa WhatsApp. Wopempha akakana njira imeneyi n'kumaumirira kuti ndalama ifike pa nambala yake, tiyimbire kaye mayi kapena mlongo wathu, timve ngati mwanayo wathamangitsidwadi ku sukulu.