Tileke kunama na 300 pelesenti

Ife acinyamata a mu Lusaka amene timadya na foni, opanga maposita, ojambula zithunzi, oyendetsa mapeji a Facebook a anthu ena, tili na matenda amodzi. Tikafuna kasitomala watsopano timalemba uthenga wakuti: "Ndinakweza malonda a kasitomala wanga na 300 pelesenti." Ku wailesi kumene timathandizako, mauthenga otele timawaona kawili-kawili, ndipo funso limene timafunsa ni limodzi cabe: kucokela pa zingati kufika pa zingati? Apo foni imazizila.

Tinene kuti pali amai ku Cilenje amene amaphika makeke. Mu Julaye, tikalibe kuyamba kuwathandiza, anagulitsa makeke 2 sabata yoyamba, ndiye 5, ndiye 4, ndiye 7. Onse pamodzi 18. Mu Ogasiti tinawajambulila zithunzi zabwino na kuika mitengo pa WhatsApp tsiku lililonse, ndipo anagulitsa 5, 6, 8 na 8. Onse pamodzi 27.

Manje onani kumene 300 pelesenti imacokela. Munthu atenga sabata yoipa kwambili, ya makeke 2, aiika pafupi na sabata yabwino kwambili, ya makeke 8. Masamu ni oona, 2 kufika pa 8 ni 300 pelesenti. Koma nkhani yake ni yabodza, cifukwa mwezi na mwezi malonda anakwela kucoka pa 18 kufika pa 27, imene ni 50 pelesenti. Anthu ambili amaganiza kuti kunama ni kupeka nambala. Kusankha dala masabata amene atikomela nakonso ni kunama, kungoti kwavala suti.

Ngakhale makeke 9 owonjezela aja si athu onse. Ogasiti ni nyengo ya maukwati na makicini pate, ana atseka sukulu, ndipo sabata yomaliza ya mwezi anthu afola. Amai aja akanagulitsa zambili ngakhale ise tikanagona. Njila yodziŵila gawo lathu ni yosavuta, koma timacita nayo ulesi: kupempha amai kuti azifunsa wogula aliyense kumene anamvela za makeke, na kulemba m'kabuku. Ngati anthu 6 anakamba kuti anaona pa WhatsApp, nambala imene tingaimilile nayo ni 6.

Conco uthenga wopita kwa ophika ena ku Kabwata ungakhale tele: "Muli bwanji amai. Mu Ogasiti ndinajambula zithunzi na kuika mitengo pa WhatsApp ya amai ena ophika makeke ku Cilenje. Anagulitsa makeke 27, pamene mu Julaye anagulitsa 18. Unali mwezi wa maukwati, koma ogula 6 anakamba okha kuti anaona zithunzi zanga. Amai aja avomela kuti muŵatumile foni ngati mufuna kumva kwa iwo." Mizele yocepa, ndipo uliwonse munthu angaufufuze.

Ca cilolezo ico tisacilumphe. Ndalama zimene munthu amapanga ni cinsinsi cake. Kujambula mauthenga ake a Airtel Money kapena MoMo na kuwatumiza kwa anthu amene amapikisana naye pa malonda, osamupempha, ni kumugulitsa. Akakana dzina, tingochula komboni na mtundu wa malonda. Akakana na manambala, ndiye kuti umboni uwo tilibe.

Tidziŵa zimene anzathu adzakamba: "Imwe, aliyense amawonjezela. Ndani angakulipile cifukwa ca makeke 6?" Ise tikuti amai amene amaphika okha amadziŵa mtengo wa fulaulo, mazila na malaiti kupambana ise tonse. Mukawauza za 300 pelesenti amadziŵa kuti uvuni wawo umodzi sungakwanitse, maka-maka masiku amene malaiti amathima, ndipo amakuikani m'gulu la aja otumiza mameseji akuti mwawina. Koma makeke 6 angawaŵelengele pa zala: phindu la keke imodzi kuculukitsa na 6, kucotsapo zimene mulipilitsa. Ngati patsala kanthu, adzakuitanani. Ngati sipatsala, vuto ni mtengo wanu, ndipo kukuza nambala sikuukonza.

Ndipo wokhulupilila bodza ndiye woopsa kwambili. Adzayembekezela kuti malonda aculuke kanayi, mwezi ukatha adzaona makeke 3 owonjezela, ndipo adzauza gulu lonse la cilimba kuti ndimwe akawalala. Lamulo nalonso lilipo: Competition and Consumer Protection Act ya 2010 imaletsa kunamiza anthu pa katundu kapena nchito imene mugulitsa, ndipo bungwe la CCPC limalandila madandaulo otele.

Cotsala ni mau amodzi amene timakonda kuzembetsa mu uthenga: "Inunso mudzapeza cimodzi-modzi." Kasitomala mmodzi, mwezi umodzi, ku Cilenje, sakamba ciliconse cotsimikizika ca Kabwata mu Januwale, pamene ndalama zonse zapita ku mayunifomu na mabuku a ana. Cimene tingalonjeze ni nchito imene ili m'manja mwathu: zithunzi zingati, masiku angati, na kabuku kamene tidzatsegula pamodzi na amai pa tsiku loyamba, tikalibe kujambula keke iliyonse.