Ngongole ya mazira: kumbutsani katatu, ulemu osataya

Amalonda ambiri akafuna kukumbutsa kasitomala za ngongole amayamba ndi kupepesa, kenaka kudandaula, mapeto ake kutukwana. Amaona ngati uku ndiye kulimbitsa mawu. Zoona zake n'zakuti njira zitatu zonsezi zimamupatsa wangongole pothawira: wopepesa amauzidwa kuti adikire, wodandaula amapatsidwa pepani, ndipo wotukwana amamva zoti "popeza mwandinyoza, tikaonana kutsogolo." Chimene chimalimbitsa uthenga ndi chiwerengero cha ndalama, tsiku, komanso chinthu chimene wamalonda angachitedi tsikulo likadutsa. Ulemu wokha usasinthe kuyambira uthenga woyamba kufikira womaliza.

Chitsanzo chikhale cha mayi wogulitsa mazira amene amaperekera mwini resitilanti pafupi ndi depoti. Lolemba pa 3 Marichi wasiya mathireyi 20 pa mtengo wa K11,000 imodzi, zonse pamodzi K220,000. Bamboyo wapereka K60,000 pompo, n'kulonjeza kuti K160,000 yotsalayo amaliza pa 10 Marichi. Tsikulo lafika, foni ili zii.

Asanalembe chilichonse, mayiyu ayambe wadziwerengera yekha. Mazirawo adaoda pa K10,000 thireyi, kutanthauza kuti adalowetsa K200,000 ndipo phindu lake lonse ndi K20,000 basi. Pa ndalama imene ili kunjayo, K140,000 ndi mpamba weniweni. Ndalama imeneyo ikadaoda mathireyi 14, ndipo ngati iye amagulitsa katundu wotere pa sabata imodzi, ndiye kuti sabata iliyonse imene bamboyo akuchedwa mayiyu akutaya K14,000. Mwezi ukatha wataya K56,000, pafupifupi katatu phindu limene ankalifuna pa malondawo. Akuluakulu adati mlandu suwola, koma mpamba wa wamalonda wamng'ono umawola uli m'thumba la wina. Masamu amenewa sakuyenera kulembedwa mu uthenga. Ntchito yake ndi kumuchotsa mayiyu manyazi.

Uthenga umene ambiri amayamba nawo umamveka motere: "Bambo mwaswera bwanji? Pepani kukuvutitsani, ndimati ndikumbutseko kankhani kaja. Mukapeza mundiganizireko." Ndi uthenga waulemu, koma ulibe mano. "Kankhani kaja" kakuchepetsa K160,000 kukhala ngati ndalama ya mchere. "Mukapeza" akupereka chilolezo choti bamboyo alipire pamene wafunira, ndipo munthu wa bizinesi sapeza ndalama yongokhala. Nthawi zonse pali makala, mafuta ophikira ndi antchito zimene zikudikira. "Mundiganizireko" ndi mawu a munthu wopempha thandizo, pamene mayiyu akufuna zake zomwe.

Ulembedwenso, ndipo utumizidwe Lachiwiri pa 11 Marichi, osati kudikira sabata ithe:

"Mwaswera bwanji bambo? Ndikukumbutsani za mathireyi 20 a mazira amene ndidabweretsa pa 3 Marichi. Zonse zidali K220,000, mudapereka K60,000, yatsala K160,000 imene tidagwirizana kuti mupereka dzulo pa 10. Chonde munditumizire pofika Lachisanu pa 14, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa nambala yomweyi, kapena ndidzatenge ndekha. Zikomo."

Palibe mawu aukali apa, ndipo sakufunika. Uthenga woyamba umalembedwa ngati kuti kasitomala wangoiwala, chifukwa ambiri amakhala ataiwaladi kapena atatanganidwa, ndipo si nzeru kutaya munthu wogula mathireyi 20 chifukwa cha tsiku limodzi. Koma uthengawu wagwira ntchito ina mwakachetechete. Ngongole imene idali yapakamwa tsopano yalembedwa, ndipo bamboyo akangoyankha kuti "ndamva mayi, ndikupatsani," wavomera chiwerengerocho. N'chifukwa chake kulemba kumaposa kuimba foni kapena kutumiza mawu ojambula. Kuimba n'kwabwino pofewetsa mtima, koma pambuyo pake patsatire uthenga wolembedwa wonena zimene mwagwirizana. Nthawi yotumizira nayonso ili ndi kanthu: mwini resitilanti amakhala ndi ndalama m'manja cha m'ma 2 koloko masana anthu atadya nkhomaliro, osati m'mawa pamene akuthamangira kogula ndiwo.

Lachisanu ladutsa. Yankho lidabwera loti "musadandaule mayi, tikonza," koma ndalama ayi. Apa m'pamene amalonda ambiri amalakwitsa kawiri. Choyamba, amayamba kufotokoza mavuto awo: ana abwezedwa kusukulu, eni nyumba akuvuta. Mwina n'zoona, koma zikatero nkhani imasanduka mpikisano wa mavuto, ndipo wangongole sasowa ake ochuluka kuposa apo. Chachiwiri, chimene chili choopsa kwambiri, amapitiriza kupereka katundu poopa kuti akasiya kasitomala akwiya n'kukana kulipira yakale. Ngongole ya K160,000 imafika pa K300,000 mwa njira imeneyi, ndipo ikakula chotero amene amagona tulo ndi wokongola, wokongoza ndiye amakhala maso.

Uthenga wachiwiri, Lolemba pa 17 Marichi, ukhale wotere:

"Bambo, K160,000 ya mazira a pa 3 Marichi sinafikebe, ndipo papita sabata chidutsireni tsiku limene tidagwirizana. Ngati kupereka yonse kukuvuta, perekani K80,000 Lachisanu pa 21 ndi K80,000 ina Lachisanu pa 28. Mundiyankhe pofika mawa madzulo ngati mwavomera. Kufikira ngongoleyi itatha, mazira ndizikupatsani pokhapokha mukalipira pompo."

Kusiyana kwake ndi woyamba kuli pa zinthu ziwiri. Mayiyu wasiya kuyerekeza kuti bamboyo waiwala, ndipo watseka mpopi wa ngongole. Sadakane kumugulitsa, khomo la malonda lili chitsegukire, koma la ngongole latsekedwa. Kugawa ndalamayo pawiri ena amakuona ngati kufooka. Si kufooka, malinga wogawayo akhale mayiyu, masiku ake atchulidwe, ndipo magawo asapitirire awiri kapena atatu. Kuvomera "ndizipereka pang'onopang'ono" popanda tsiku ndiko kufooka, chifukwa K5,000 yobwera mwa apo ndi apo imathera mu ndiwo, siibwerera ku mpamba.

Yankho la uthenga wachiwiri ndi limene limaulula mtundu wa munthu. Amene ndalama zamuvutadi koma ali ndi mtima wolipira amatchula chiwerengero ndi tsiku, ngakhale zikhale zosiyana ndi zimene wapemphedwa: "K80,000 sindikwanitsa, koma K50,000 Lachisanu ilipo." Ameneyo ndi wokambirana naye. Amene akuzemba amayankha ndi mawu okoma opanda nambala, kapena amatulukira ndi dandaulo limene sadalinene tsiku lolandira katundu, monga lakuti mazira ena adali osweka. Dandaulo lotere lisakanidwe mwaukali. Mayiyu afunse kuti adali angati, ndipo ngati n'zomveka achotse mtengo wake, alembe chiwerengero chatsopano. Kuchotsa K3,000 kuti K157,000 ivomerezedwe polemba ndi malonda abwino kuposa kukangana mwezi wathunthu.

Mu chitsanzo chino bamboyo wavomera magawo awiri aja, wapereka K40,000 yokha pa 21, ndipo pa 28 foni sakuyankha. Yatsala K120,000. Mtima wa mayiyu wawira, ndipo uthenga umene uli m'mutu mwake ndi wakuti: "Ndinu wakuba. Mawa ndikubwera ndi apolisi, ndipo ndikuyalutsani pa gulu la WhatsApp kuti aliyense akudziweni." Uthenga umenewu aulembe ngati akufuna kuphwetsa mtima, koma asautumize. Ngongole ya malonda imene munthu akuivomera ndi nkhani ya kukhoti la milandu ya pakati pa anthu, si ya apolisi, ndipo eni mabizinesi ambiri amadziwa zimenezi. Kuopseza ndi chinthu chimene sichichitika kumangomuuza wangongole kuti mayiyu alibe chogwira. Kumutchula munthu wakuba pagulu kungathe kubala mlandu woipitsa mbiri, ndipo lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa makina a intaneti limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera m'mauthenga. Kupita kukanyamula mapoto kapena mipando ya resitilanti n'chimodzimodzi: wobwera kudzatenga zake amapezeka ndiye woyankha mlandu. Komanso makasitomala ena amaona, ndipo amadzifunsa kuti tsiku limene iwo adzachedwe zidzatha bwanji.

Uthenga wachitatu umakhala wozizira kuposa onse. Lolemba pa 31 Marichi:

"Bambo, pa ngongole ya mazira a pa 3 Marichi mudapereka K60,000 tsiku lomwelo ndi K40,000 pa 21 Marichi. Yatsala K120,000. Ndidakukumbutsani pa 11 ndi pa 17 Marichi, ndipo mudavomera kumaliza pa 28, koma simudatero. Ndikukupatsani masiku 7, kufikira Lolemba pa 7 Epulo. Ndalamayi ikapanda kufika, pa 8 Epulo ndikatula nkhaniyi kwa wapampando wa msika, ndipo ikakanika kumeneko ndikasuma ku khoti la majisitireti. Uwu ndi uthenga wanga womaliza pa nkhaniyi."

Mulibe chonde, mulibe pepani, mulibenso chipongwe, ndipo bambo akadali bambo. Uthengawu walembedwa kuti munthu wachitatu amene sadziwa chilichonse, kaya wapampando kaya majisitireti, awerenge n'kumva nkhani yonse popanda kufunsa. Ndi bwino kuulembanso papepala, mapepala awiri, limodzi kukapereka pamanja pali mboni, lina kusunga. Chiwongoladzanja chisaonjezedwe ngati sichidali m'pangano. Kulemba K140,000 pamene ngongole ndi K120,000 kumapatsa wangongole chifukwa chotsutsira zonse.

Mawu akuti "womaliza" ali ndi mtengo wake. Wamalonda amene watumiza mauthenga omaliza anayi waphunzitsa kasitomala kuti palibe limene lili lomaliza. Choncho asanatchule khoti, mayiyu adzifunse ngati adzapitadi. Kusuma kumafuna ndalama yolipira kukhoti, thiransipoti, ndi masiku amene benchi yake idzakhala yopanda munthu, ndipo ngakhale atapambana, ndalama siituluka tsiku lomwelo. Pa K120,000 zingakhale zoyenera. Pa K15,000 nzeru ndi kulekezera kwa wapampando wa msika kapena munthu amene onse awiri amamulemekeza, ndipo uthengawo utchule zokhazo. Ngati waganiza zopita, masiku 7 amenewo awagwiritse ntchito kusonkhanitsa umboni: tsamba la m'kope la ngongole pamene padalembedwa mathireyi 20, mauthenga onse atatu ndi mayankho ake atajambulidwa ndi kusungidwanso pa foni ina, uthenga wotsimikiza K40,000 ija, ndi dzina la mnyamata wa kabaza amene adanyamula mazirawo. Pa 8 Epulo m'mawa, ndalama ikakhala kuti sinalowe, asatumizenso uthenga wina. Atenge kopelo apite kwa wapampando.