Mafizi olipira pang'onopang'ono: werengerani masiku, osati mtengo wokha

Kuyambira mu Januwale 2022, ana a m'masukulu a boma muno mu Zambia salipira ndalama zophunzirira mpaka Giredi 12. Koma ife a ku Kapata tikudziwa kuti nkhani ya mafizi sinathe. Amene ali ku koleji, amene akuphunzira ntchito zamanja opanda thandizo la CDF, ndiponso amene ali ndi mng'ono pa sukulu yomwe si ya boma, amalandirabe kapepala temu iliyonse. Nthawi zambiri kapepalako kamapereka njira ziwiri: kulipira zonse kamodzi n'kuchotseredwako pang'ono, kapena kulipira m'zigawo koma ndi chindapusa ukachedwa.

Maganizo athu ndi akuti njira yotchipa siipezeka pa kapepala ka sukulu pokha. Imapezeka tikaika masiku a sukulu pambali pa masiku amene ndalama zimalowadi m'nyumba mwathu. Tiyeni tione ndi chitsanzo. Manambalawa tangowasankha kuti tiwerengere, si a sukulu ina iliyonse ya mu Chipata.

Tinene kuti mafizi a temu ndi K3,600 ndipo sukulu ikutsegula pa 10 Januwale. Wolipira zonse tsiku lotsegulira amamuchotsera 5 peresenti, ndiye kuti amapereka K3,420. Wolipira m'zigawo amapereka K1,800 potsegulira, K900 pa 31 Januwale, ndi K900 ina pa 28 Febuluwale. Akachedwa, chindapusa ndi 10 peresenti.

Tsopano tibwere kunyumba. Amayi ali ndi tebulo pa msika wa Kapata ndipo asunga K2,000. Achimwene amatumiza K1,000 kuchokera ku Lusaka pa 10 mwezi uliwonse. Vuto likuoneka kale: ndalama imafika patapita masiku khumi kuchokera pa tsiku limene sukulu ikuifuna. Banjali lidzachedwa kawiri, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa masikuwo sakugwirizana.

Funso loyamba lofunsa ku ofesi ya ndalama ndi ili: 10 peresentiyo ndi ya chiyani? Ngati ndi ya chigawo chochedwa chokha, ndi K90 kawiri, yonse K180, ndipo temu ifika pa K3,780. Koma ngati ndi ya ngongole yonse yotsala, poyamba amawerengera pa K1,800, n'kukhala K180, kachiwiri pa K900, n'kukhala K90. Pamenepo temu ifika pa K3,870. Mawu a pa kapepala ndi amodzimodzi, koma pali kusiyana kwa K90. Funsaninso ngati chindapusacho amachiika kamodzi kapena sabata iliyonse, chifukwa kwa amene amawerengera pa sabata, masiku khumi akhoza kukhala masabata awiri.

Tinene kuti yankho ndi lakuti chindapusa chimagwera ndalama yochedwa yokha, ndipo ndi kamodzi. Apa banjali lingathe kuchepetsa ululu. M'malo mopereka K1,800 potsegulira, lipereke K2,000 yonse. Pa 31 Januwale zotsala pa chigawo chachiwiri zidzakhala K700, ndiye chindapusa ndi K70. K1,000 ya achimwene ikafika, K770 itseka chigawocho ndipo K230 ipita ku chigawo chachitatu. Pamenepo patsala K670, chindapusa chake K67. Zonse pamodzi ndi K3,737. Kungokankhira patsogolo kandalama kalikonse kotsala kwapulumutsa K43.

Nanga kulipira zonse kamodzi kuti tipeze K180 yochotsera ija? Apa ndi pamene ambiri timagwa. Banjali likusowa K1,420 kuti likwanitse K3,420, ndipo wa kaloba ali pafupi. Tinene kuti akufuna 30 peresenti pa mwezi. Mwezi woyamba chiongoladzanja ndi K426, ngongole yafika pa K1,846. Tabweza K1,000, patsala K846. Mwezi wachiwiri pawonjezeka K254. Chiongoladzanja chonse ndi K680, ndipo temu yadya K4,100. Tathamangira K180, tataya K680. Choipa china n'chakuti malipiro omaliza ndi K1,100, kuposa zimene achimwene amatumiza, ndiye ngongole ikhoza kulowa mwezi wachitatu.

Koma kukongola sikuli koipa nthawi zonse. Ngati amayi ali m'gulu la vileji banki limene limakongoza pa 10 peresenti pa mwezi, masamu amasintha. Mwezi woyamba chiongoladzanja pa K1,420 ndi K142. Tikabweza K1,000, patsala K562, ndipo mwezi wachiwiri pawonjezeka K56. Chiongoladzanja chonse ndi K198, temu yonse K3,618. Njira iyi yaposa ija yochedwa ndi K119. Muyeso wake ndi wosavuta: pakati pa K3,737 ndi K3,420 pali K317. Ngongole iliyonse imene chiongoladzanja chake chonse, mpaka tsiku lomaliza kubweza, chili pansi pa K317 ndi yothandiza. Ikapitirira pamenepo, ndi bwino kungolipira chindapusa.

Muyeso womwewo umagwira ntchito tsiku lolipira likafika ife tilibe. Mantha amatiuza kuti tithamangire kaloba kuti tisachedwe. Koma K700 ya kaloba pa 30 peresenti imabala K210, pomwe chindapusa cha sukulu ndi K70. Chindapusa nachonso ndi mtengo wa ngongole, ndipo apa sukulu ndiyo ikukongoza motchipa katatu.

Pali malire amene tiyenera kuwanena mosabisa. Masamu onsewa ndi oona pokhapokha ngati chilango cha kuchedwa ndi ndalama basi. Ngati wochedwa amam'tulutsa m'kalasi, kapena samulola kulemba mayeso, K70 ija si mtengo wonse. Kubwereza temu ndi K3,600 ina, osawerengera lendi ndi chakudya. Choncho funsani kuti tsiku lomaliza limene mwana angakhale ndi ngongole asanaletsedwe mayeso ndi liti, ndipo tsiku limenelo musaliyese. Onjezaninso zolipira potumiza ndalama pa foni kapena ku banki, poti wolipira katatu amazilipira katatu. Ndipo muziwerengera ndalama yokhayo imene imabweradi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malonjezo a malume kapena soya amene sanagulitsidwe asalowe m'masamu.

Njira yotchipa koposa m'chitsanzo chathu ndi imene siinalembedwe pa kapepala. Ngati sukulu ivomera kusuntha masiku kufika pa 10 Febuluwale ndi pa 10 Malichi, banjali lilipira K3,600 yokha, popanda chindapusa kapena chiongoladzanja. Pakati pa iyi ndi ya kaloba pali K500 pa temu imodzi. Pempho lotere limamveka bwino tsiku lolembetsa, tili ndi K2,000 m'manja, kusiyana ndi tsiku limene tachedwa kale. Akavomera, alembe ndi kusaina, chifukwa mawu apakamwa amaiwalika wa mu ofesi akasintha. Malisiti onse asungidwe mpaka zotsatira za mayeso zitatuluka.

Ena adzati sukulu nayo ili ndi aphunzitsi ofuna malipiro, ndipo popanda chindapusa aliyense angamalipire mmene wafunira. N'zoona, ndipo sitikunena kuti chindapusa chithe. Tikunena kuti chilembedwe momveka: peresenti ya ndalama iti, kangati, kuyambira tsiku liti, ndipo wochedwa aletsedwa chiyani. Sukulu imene yayankha mafunso anayiwa pa kapepala imalola kholo kusankha ndi maso otsegula. Ngati mayankhowo palibe, tisasaine tisanawamve, ndipo tiwalembe pomwepo wa mu ofesi akuona.