Nkhanga za amalume ndi K400 ya fataleza

Mwezi wa Okutobala ukafika, mafoni a mu Lusaka amayamba kulira ndi mauthenga ocokera kumudzi. Mvula ili pafupi, ndipo mlimi amene ali pa pulogalamu ya boma ya fataleza afunika kuikako K400 yake kuti alandire matumba. Mnyamata amene timakhala naye pa yadi imodzi ku Kanyama anandionetsa uthenga wa amalume ake a ku Katete. Unali wotere: "Mphwanga, nkhanga zinapangana kusanapse. Madzi saiwala khwawa. Ndatha ine malume wako."

Iye ati kwa ine, "Manje apa afuna cani? Ni cikwati cangu akambapo olo afuna nibwele pa Khisimasi?" Anayankha kuti, "Zikomo amalume, tizabwela mu Disemba." Amalume anakhala cete, ndipo zoona zake zinamveka patapita milungu itatu kudzera kwa amai ake: mkulu uja anali kufuna K400, ndipo anali atakwiya kuti mwana wa mlongo wao wawanyoza.

Miyambi yonse iwiri inali yolondola. Nkhanga zimakhala m'chire, ndipo anthu akatentha chire m'cilimwe zimabalalika, conco zimayenera kupangana moto usanafike. Tanthauzo lake ndi lakuti konzekani nthawi ikalipo. Wa madzi uja ukumbutsa munthu kumene anacokera. Colakwika cinali cakuti amalume anatumiza miyambi popanda nkhani yake. Pabwalo la anyakwawa mwambi subwera poyamba. Munthu amayamba wafotokoza mlandu, onse amva kuti mbuzi ya uje inadya cimanga ca uje, kenako mwambi umabwera kudzamanga mfundo. Womva akasokonezeka, wolankhula amaona pankhope n'kubwerezanso. Pa foni palibe nkhope. "Konzekani nthawi ikalipo" angakhale mau a fataleza, a malowolo, a matenda, kapena a munda umene acibale akulimbirana.

Ndiye pali nkhani ya wowerenga. Mnyamata uyu anabadwira mu Lusaka. Nkhanga amaidziwa ya m'khola la pa Soweto Maketi, ndipo sanaonepo chire likupsa nkhanga n'kuuluka. Liu lakuti khwawa sanalimvepo, kwa iye madzi amayenda mu dileneji. Cinyanja ca m'tauni tikulankhula ndi Abemba, Atonga ndi Alozi, ndipo cimagwira bwino nchito pa minibasi, koma miyambi yozama ya Cicewa sinakwere nao basi yocokera ku Chipata. Si ulesi wa ana ai, cithunzi ca m'mwambimo sacidziwa.

Yesani kuuza munthu wa ku Kanyama kuti walira mvula walira matope. Safunsa n'komwe, cifukwa caka ciliconse amavala magambutsi popita ku nchito. Mai wina pa yadi pathu analembera mng'ono wake amene anapeza nchito ku Solwezi n'kuyamba kudandaula za kutalika kwa ulendo ndi lendi. Analemba zonse bwinobwino, kuti apirire miyezi itatu, kuti ana adzawasunga iye, ndipo kumapeto anaika mwambi umenewu. Apa unagwira, cifukwa nkhani inali itanenedwa kale, mwambi unali umodzi, ndipo unafewetsa mau amene akanamveka ngati kukalipira.

Ndikuwamvetsa amalume. Munthu wamkulu kupempha ndalama kwa mphwake ndi camanyazi, ndipo mwambi umamubisa nkhope. Nchito imeneyi ndi yeniyeni, ndipo ndi cifukwa cake mpongozi salankhula mosabisa kwa mkamwini. Koma ulemu sukanacepa akanalemba kuti, "Mphwanga, tsiku lolipira fataleza layandikira ndipo ndaperewera K400. Nkhanga zinapangana kusanapse." Ndalama, tsiku, dzina la cipatala, malo a maliro, izi zimafuna kuchulidwa ndi maina ake.

Coipa kuposa zonsezi ndi mwambi woponyedwa pa gulu la banja pa WhatsApp popanda kunena mwini wake. Wina angolemba usiku kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, basi n'kuzimitsa foni. Mwambiwu umanena za wolakwa amene simungamulange popanda kuswa cinthu canu ca mtengo, nthawi zambiri m'bale. Pa gulu la anthu makumi atatu, aliyense amagona akudzifunsa kuti khoswe ndani. Amene anasunga ndalama za maliro amaganiza kuti ndi iye, mlamu naye acoka pa gulu, pamene wolembayo mwina anali kunena mwana wake amene anagulitsa batire ya sola.

Mnyamata wa pa yadi uja anatumiza K400 pa foni tsiku limene amai ake anamumasulira. Amalume anayankha ndi mwambi wina, wakuti safunsa anadya phula, ndipo uwu anaumva popanda womuthandiza.