Giliselini yekha sathetsa kutuwa

Mwera ukayamba kuomba mu Juni kuno ku Kasungu, ambiri a inu mumathamangira giliselini. Ine ndimati kumudzola yekha pakhungu louma n'kutaya ndalama.

Giliselini si mafuta enieni ayi. Ntchito yake n'kukoka madzi, ngati mmene mchere umanyowera wokha m'dzinja. Tsono mu Juni ndi Julaye mpweya umakhala wouma, madzi oti akoke amachepa. Khungu limangonanda, ndiye pofika kusukulu fumbi lonse la m'njira lakakamira m'miyendo.

M'patseni madzi akewo. Mukangosamba, thupi lisanaumiretu, donthezani giliselini pang'ono m'dzanja, onjezerani madzi ochuluka katatu, n'kudzola. Kenako pakani vaselini pang'ono m'miyendo, m'zigongono ndi pa zikang'a. Vaselini sawonjezera madzi, amangophimba khungu kuti madzi alipowo asathawe, ngati udzu umene timaphimbira nazale ya fodya. Nchifukwa chake kumupaka musanasambe n'kungotsekera litsiro.

Kumaso ndiye nkhani ina. Ngati nkhope yanu imachita kale mafuta ndipo mumatuluka ziphuphu, vaselini msiyireni milomo yokha. Mafuta a shiya, ochokera ku mtedza wa mtengo womera kumayiko ngati Ghana, amafewetsadi zigongono, koma nawonso ndi olemera, ndipo ena amawachulukitsira ziphuphu. Mtengo wakenso, mmm!

Ndipo mukapsa ndi moto, musathamangire chilichonse mwa zitatuzi. Thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, ndipo likakhala lalikulu pitani kuchipatala.