Tikapangana K500, ifike K500

Tikatuma ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, timathamangira kunena kuti "natuma K500." Koma amai amene amatichapira zovala ku Kabulonga, akafika pa buthu kwao ku Kabwata, kodi amagwira K500 m'manja?

Ndalama imadulidwa kawiri. Wotuma amalipira yotumira, pamodzi ndi msonkho wa boma umene unayamba mu 2024. Wolandira nayenso amalipira yochotsera, ndipo iyi ndiyo timaiwala.

Tiyerekeze kuti pochotsa K500 adula K10. Imeneyi ndi 2 peresenti, kutanthauza K2 pa K100 iliyonse. Amai aja atenga K490. Zikachitika mwezi ndi mwezi, pa chaka ataya K120.

Komanso mitengo imaikidwa m'magulu, si peresenti imodzi ayi. Ngati K320 ili m'gulu lomwelo la K10, mwini wake wadulidwa kupitirira 3 peresenti. Wolandira zochepa ndiye amapwetekeka kwambiri.

Malipiro amene tinapangana ndi a m'manja, osati a pa foni. Tisanatume, tifunse pa buthu kuti yochotsera ndi zingati, tiikepo ife.